Dibi, kupopera, mankhwala apamsana kapena katemera: kusankha njira yolimbana ndi nkhupakupa za ng'ombe

Alimi ambiri akafunsa za nkhupakupa amayamba ndi funso lakuti mankhwala amphamvu ndi ati. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: ndi nkhupakupa iti imene ikupha ng'ombe m'dera lanu, imakhala masiku angati pathupi la ng'ombe, ndipo imachuluka mwezi uti? Mukayankha zimenezi, masiku osambitsira amadziwika okha, ndipo kusankha pakati pa dibi, sipuleya ndi mankhwala othira pamsana kumasanduka nkhani ya ndalama, madzi ndi anthu ogwira ntchito amene muli nawo.

M'chigawo chapakati ndi chakumpoto kwa Malawi, komanso kum'mawa kwa Zambia, nthenda imene imatha ng'ombe ndi chigodola. Chimabwera ndi nkhupakupa yofiirira ya m'makutu, ija imaunjikana m'mphepete mwa khutu mpaka khutu kuchucha magazi. Pali zinanso ziwiri zofunika kuzidziwa. Ina ndi yotuwa mobiriwira, imene ikakhuta imaoneka ngati nthanga ya nsatsi ndipo imapezeka m'khosi, m'mapewa ndi m'nthiti. Iyo imafalitsa matenda okodza magazi ndi matenda a ndulu. Ina ndi yamawangamawanga yamlomo wautali, yokonda kubere, kumachende, m'khwapa ndi pachifuwa. Imeneyo imabweretsa matenda odzaza madzi kumtima, amene ng'ombe imayenda mozungulira, kuponya miyendo mokweza kenako kugwa n'kumapalasa pansi, ndipo zilonda zake zimatha kuwonongeratu nsonga ya bere.

Kumene lamulo losambitsa pa masiku 7 aliwonse limachokera

Nkhupakupa yotuwa ija ikakwera ng'ombe ili kamwana, sitsikanso mpaka itakula ndi kukhuta. Imakhala pa ng'ombe imodzi pafupifupi masabata atatu. Choncho munthu wosambitsa pa masabata awiri aliwonse amaipeza ndithu isanagwe kukaikira mazira.

Ya m'makutu njosiyana. Imadya katatu pa moyo wake, ndipo nthawi iliyonse ikakhuta imagwa pansi, kufundula, n'kudikira nyama ina. Kamwana kamadya masiku ochepa, yapakati chimodzimodzi, ndipo yaikazi yaikulu imakhala pafupifupi sabata imodzi. Wosambitsa pa masabata awiri ndiye kuti akulola gulu lonse kukwera, kudya ndi kutsika iye asanalione. Chinanso ndi chakuti kachilombo ka chigodola sikalowa m'magazi nkhupakupa ikangoluma. Kamayamba kakhwima m'malovu ake, ndipo nthawi zambiri pamapita masiku awiri kapena atatu isanayambe kupatsira. Mankhwala akatsalira paubweya masiku angapo, kuphatikiza masiku amenewa, sabata imakwana popanda mpata waukulu. Ndiye chiyambi cha lamulo la kusambitsa sabata iliyonse m'dzinja. Koma mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku imachapa mankhwala msanga, mpata uja n'kukula. N'chifukwa chake ku Zimbabwe, nthenda ya mtundu womwewu ikabuka, amalamula kusambitsa katatu pa masiku 14: pakapita masiku 5, ena 5, kenako 4, uku akupaka mafuta ophera nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira.

Kuno kwathu kumene mvula imagwa nyengo imodzi, nkhupakupa zazikulu za m'makutu zimabisala chilimwe chonse, n'kutuluka mvula ikakhazikika, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Tiana take timaoneka mvula ikamatha, ndipo zapakati zimachuluka m'miyezi yozizira kulowera m'chilimwe. Kamwana kongoswedwa kumene sikakhala ndi chigodola, chifukwa kachilomboka sikadutsira m'dzira. Zapakati ndi zazikulu ndizo zimapatsira. Ndiye imfa zambiri zimachitika Januwale mpaka Malichi, koma mungathe kuonanso ng'ombe zikudwala cha mu Juni ndi Julayi chifukwa cha zapakati zija, zomwe n'zazing'ono moti mbusa saziona n'komwe.

Dibi

Pa njira zonse, dibi ndiyo imanyowetsa ng'ombe bwino. Ikadumphira m'madzi imamira ndi mutu womwe, mankhwala n'kulowa m'makutu, kunsi kwa mchira ndi pakati pa ziboda, malo amene wopopera wotopa amawalumpha. Ng'ombe mazana angapo zimatha m'mawa umodzi, ndipo mtengo wa ng'ombe imodzi umatsika ngati zosamba zili zambiri. Kale boma ndilo linkayendetsa madibi m'midzi. Ntchitoyo itasiyidwa m'manja mwa alimi, ambiri anaphwa, ena denga linasasuka, ena anang'aluka.

Vuto la dibi n'lakuti mphamvu ya mankhwala m'madzimo sioneka ndi maso. Dibi wamkulu amasunga malita pafupifupi 15,000, ndipo ng'ombe iliyonse imatuluka ndi malita awiri kapena atatu paubweya. Mankhwala ambiri amamatirira kuubweya kuposa madzi, kotero madzi otsala amanka nafooka ngakhale akuoneka oyera ngati poyamba. N'chifukwa chake chipepala cha pabotolo chimapereka miyeso iwiri, wodzazira koyamba ndi wowonjezera, ndipo wowonjezerawo nthawi zambiri umakhala wokwererapo. Komiti ikamangothira madzi kuti afike pamzere, n'kuwonjeza mankhwala mongoyerekeza malinga ndi ndalama zimene zasonkhedwa, ng'ombe zimangosamba madzi amatope. Denga likadontha kapena madzi a mvula akalowera kukhomo, zimakhala chimodzimodzi. Amitirazi, amodzi mwa mankhwala ophera nkhupakupa, ali ndi vuto lake lapadera: m'madzi akuda a dibi amawonongeka msanga ngati simuthiramo laimu monga mwa malangizo ake.

Ngati dibi wanu ali ndi denga, ndodo yoyezera madzi, buku lolembamo ng'ombe zimene zasamba ndi mankhwala amene athiridwa, komanso munthu mmodzi wodziwika amene amayankha za miyeso, pitani kudibi. Ngati palibe buku, ine sindingadalire dibi ameneyo pa ng'ombe ya mkaka. Kumbukiraninso kuti kudibi ng'ombe za midzi yambiri zimakumana, ndipo pakabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi malo amenewa ndi oyamba kutsekedwa. Mwetsani ng'ombe madzi musanapite kuti zisakamwe a m'dibi, pitani m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo ng'ombe yotsala pang'ono kubereka, yodwala kapena thole laling'ono muzipopere pamanja.

Kupopera ndi sipuleya

Iyi ndiyo njira imene alimi ambiri ali nayo lero, ndipo ndi imenenso imalakwika kwambiri. Kulakwa kwake kumakhala pawiri: muyeso wa mankhwala, ndi kuchuluka kwa madzi pa ng'ombe imodzi.

Titenge amitirazi wamadzi wa 12.5 peresenti, amene amapezeka m'masitolo ambiri a mankhwala a ziweto pansi pa maina osiyanasiyana. Muyeso wake popopera ndi mamililita 2 pa lita imodzi ya madzi. Chidebe cha malita 20 chimafuna mamililita 40, ndipo sipuleya ya malita 16 imafuna 32. Yezani ndi sirinji, osati chitsekero cha botolo, chifukwa zitsekero n'zosiyana kukula. Mankhwala ena, monga saipamethirini ndi delitamethirini, ali ndi miyeso yawoyawo malinga ndi mphamvu yolembedwa pabotolo, ndiye musatengere muyeso wa botolo lakale pa latsopano.

Madzi ndiwo amagwetsa ambiri. Ng'ombe yaikulu imafuna malita osachepera 5 kuti inyowe mpaka pakhungu, ndipo yachizungu yathupi lalikulu imafuna oposa pamenepo. Sipuleya imodzi ya malita 16 ndi ya ng'ombe zitatu basi. Mukaona munthu wamaliza khola la ng'ombe khumi ndi sipuleya imodzi, dziwani kuti wanyowetsa misana yokha, pamene nkhupakupa zoopsa zili m'makutu ndi kumimba. Ng'ombe iyenera kukhala m'kampanda kopanikiza kuti isatembenuke. Yambirani kumiyendo yakumbuyo, kukweza mchira ndi kupopera kunsi kwake mpaka kunsonga, kenako bere, mimba ndi m'khwapa, n'kukwera m'nthiti mosemphana ndi mmene ubweya wagonera. Mutu ukhale womaliza, popeza ng'ombe ikanyowa kumaso imayamba kuvuta. Khutu ligwireni ndi dzanja, mulitembenuze, mupopere mkati ndi kunja. Mukamaliza, patulani ubweya ndi chala paphewa: khungu likakhala louma, ntchito sinathe.

Ubwino wa sipuleya n'ngwakuti mankhwala amakhala atsopano tsiku lililonse lopopera, tsiku mumasankha nokha, ndipo ng'ombe zanu sizisakanikirana ndi za ena. Kuipa kwake n'kutopetsa. Ng'ombe zikapitirira khumi ndi zisanu, zomalizira sizinyowa ngati zoyamba. Yang'ananinso kumwamba musanasungunule mankhwala, chifukwa mvula ikagwa ubweya usanaume mwataya ndalama. Wopopera avale zophimba manja, mphuno ndi pakamwa, aime kumbali yochokera mphepo, ndipo sipuleya ya ng'ombe isakhale yomwe ija yopopera mankhwala opha udzu m'munda. Zotsukira sipuleya zisapite kumtsinje kapena kudamu la nsomba, popeza mankhwala a gulu la saipamethirini amapha nsomba ngakhale atachepa. Amitirazi musamuyandikize kwa abulu ndi mahatchi, amawadwalitsa koopsa.

Mankhwala othira pamsana

Awa ndi amafuta, monga fulumethirini kapena delitamethirini wa 1 peresenti, othira kuyambira pamutu kutsata msana mpaka kutsinde la mchira, ndipo amafalikira okha pakhungu. Muyeso wofala ndi mililita imodzi pa makilogalamu 10 a kulemera kwa ng'ombe, kotero ya makilogalamu 250 imalandira mamililita 25. Safuna madzi, safuna sipuleya, munthu mmodzi amamaliza khola pa mphindi zochepa, ndipo mvula siwachotsa msanga ngati opopera. Kumene kuli ntchentche za kashembe amathandizanso mbali imeneyo.

Mtengo pa ng'ombe imodzi ndi wokwera kuposa njira zonse, ndipo kukwera mtengoko kumakopa anthu kuchepetsa muyeso kapena kusungunula ndi mafuta ophikira. Kuyerekeza kulemera ndi maso kumalakwikanso, ndiye ndi bwino kupempha alangizi tepi yoyezera pachifuwa. Malo akutali ndi msana, monga kubere ndi kunsi kwa mchira, mankhwala amafikako ochepa. Ine ndimawaona ngati njira yabwino ya mlimi wa ng'ombe ziwiri kapena zitatu za mkaka, ya masabata a mvula yosalekeza, ndi ya miyezi imene madzi ali kutali. Kuwadalira chaka chonse pa khola lalikulu la ng'ombe zamakolo n'kuwononga ndalama.

Jakisoni wa aivamekitini, amene ena amamukonda, amapha nkhupakupa zotuwa zija koma sangakutetezeni ku chigodola, ndipo saloledwa pa ng'ombe imene mukukama mkaka wake.

Katemera wa chigodola

Katemerayu amapangidwa ku Lilongwe konkuno, kumalo oona za nkhupakupa ndi matenda ake otchedwa CTTBD, ndipo amapitanso kumaiko ena. Ndi wosiyana ndi akatemera ena chifukwa ndi tizilombo tamoyo ta chigodola. Ng'ombe imabayidwa tizilomboto pafupi ndi khutu, ndipo nthawi yomweyo imabayidwa okisitetirasaikilini wokhalitsa m'thupi, amene amafooketsa matendawo kuti thupi liphunzire kulimbana nawo popanda kugonja. Kubaya ndi kamodzi, chitetezo chake n'cha moyo wonse. Wotchedwa Muguga, dzina la malo a ku Kenya kumene anakonzedwa, ndi wophatikiza mitundu itatu ya kachilomboka, pamene ku Zambia amagwiritsa ntchito wa Katete kum'mawa ndi wa Chitongo kumwera.

Malire ake ayenera kunenedwa poyera. Amasungidwa mu naitirojeni wamadzi wozizira kwambiri, ndipo akasungunulidwa ayenera kutha pa maola ochepa. Kachubu kamodzi n'ka ng'ombe makumi angapo, choncho alimi ayenera kusonkhanitsa matole awo tsiku limodzi, ndipo wobaya akhale wophunzitsidwa ntchitoyi. Mtengo umakwera ndi kulemera kwa ng'ombe chifukwa cha mankhwala operekeza aja, ndiye kutemera thole la mwezi umodzi kapena iwiri n'kotchipa kuposa kudikira likule. Sabata yachiwiri ndi yachitatu mutatemera muziyeza kutentha, chifukwa zina zochepa zimadwala ndithu ndipo zimafuna chithandizo. Ng'ombe yotemeredwa imasunga kachilomboka m'thupi, kotero si nzeru kukayamba katemerayu kudera kumene chigodola kulibe. Kwa oweta moyandikana ndi nkhalango zokhala ndi njati, monga Kasungu, Vwaza kapena chigwa cha Luangwa, mtundu wochokera ku njati ungathe kupyola chitetezocho.

Katemerayu sakhudza matenda okodza magazi, a ndulu kapena a madzi kumtima, ndipo sapha nkhupakupa ngakhale imodzi. Chimene amachita n'kukumasulani ku mantha a kuphonya sabata imodzi, ndipo ndi pamenepo pamene kuchepetsa kusambitsa kumakhala kotheka popanda kuika khola pachiswe.

Kusambitsa chaka chonse, mwa nyengo, kapena poona nkhupakupa

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo yankho limatsata mtundu wa ng'ombe.

Thole likalumidwa ndi nkhupakupa zotuwa lisanakwane miyezi pafupifupi 9, limatenga tizilombo ta matenda okodza magazi ndi a ndulu popanda kudwala kwenikweni, ndipo limakula lili lotetezeka. Nkhupakupa zochepa zikamapitiriza kuluma, chitetezocho chimakhalabe. Mlimi amene amasambitsa mwakhama sabata iliyonse chaka chonse amalera ng'ombe zoyera bwino koma zosadziwa matenda alionse. Zimenezi zilibe vuto malinga ngati sadzaleka. Tsiku limene ndalama zidzasowe, kapena mankhwala adzasowe m'sitolo mu Febuluwale, ng'ombe zazikulu zimakumana ndi matendawa koyamba, ndipo pa msinkhu umenewo amapha. Pa njira zonse, yoopsa kwambiri ndi imeneyi, yoyamba mwamphamvu n'kulekera panjira.

Kusambitsa kosalekeza n'koyenera ng'ombe zachizungu ndi makolosi ake zimene zimadya kudambo ndipo sizinatemeredwe, chifukwa chigodola chikalowa mwa zoterezi chimatha kupha pafupifupi zonse zodwala ngati sizilandira mankhwala. Kusambitsa mwa nyengo, kutanthauza sabata iliyonse m'dzinja n'kutalikitsa m'chilimwe, n'koyenera ng'ombe zamakolo zobadwira m'deralo ndi zonse zotemeredwa. Kudikira mpaka mutaona nkhupakupa zachuluka kumagwira ntchito m'chilimwe ndi kumadera otentha kumene ya m'makutu siikhala, koma m'dzinja kudera la chigodola n'kuchedwa, popeza pamene mukuziona zakhuta zapatsira kale. Ndipo musanamizidwe kuti zamakolo sizifa ndi chigodola. Zazikulu zimene zinapulumuka n'zolimba, koma matole ake amafa chaka ndi chaka.

Tiyerekeze mlimi wa ku Mchinji amene ali ndi ng'ombe zamakolo zazikulu 8 zodya kudambo pamodzi ndi za anzake, ndipo dibi wa m'dera lake anaphwa. Kupopera kamodzi kumafuna malita 40 a madzi, zidebe ziwiri, ndi mamililita 80 a amitirazi uja. Akati azipopera sabata iliyonse chaka chonse, ndi maulendo 52, mankhwala opitirira pang'ono malita 4. Akatsata nyengo, amayamba mvula ikakhazikika, pongoona nkhupakupa zazikulu zoyamba m'makutu, mwina pakati pa Disembala, n'kupopera sabata iliyonse mpaka kumapeto kwa Epulo. Amenewo ndi maulendo pafupifupi 20. Kuyambira Meyi mpaka Novembala amapopera kamodzi pamwezi kapena kutalikitsa pang'ono, maulendo ngati 6, osalumpha Juni ndi Julayi chifukwa cha zapakati zija. Onse pamodzi ndi 26, mankhwala pafupifupi malita 2, theka la njira yoyamba. Ndalama yopulumutsidwayo ipite ku katemera wa matole ndi ku chitini cha mafuta opaka m'makutu, amene mbusa angapake pakati pa sabata mvula ikachuluka. Akanasankha othira pamsana, ng'ombe 8 za makilogalamu 250 zikanatha mamililita 200 ulendo umodzi, kutanthauza kuti botolo la lita imodzi n'la maulendo asanu okha.

Pa malita awiri aja, oposa lita imodzi ndi theka amagwira ntchito pakati pa Disembala ndi Epulo, miyezi yomwe ndalama zapita ku feteleza ndi fizi ndipo chakudya chachepa m'nyumba. Mankhwala a dzinja lonse agulidwe pa nthawi yogulitsa mbewu, asungidwe pamthunzi, pamalo okhoma kutali ndi ana. Sankhaninso tsiku limodzi la sabata losasintha, ndipo ngati n'kotheka mugwirizane ndi onse odyetsa dambo limodzi kuti muzipopera tsiku lomwelo, chifukwa khola limodzi losapopera limadzaza msipu wonse ndi mazira.

Mlimi yemweyo akalandira ng'ombe ya mkaka, isalowe m'ndondomeko ya zamakolo zija. Ikhale m'khola lakelake, itemeredwe isanafike kapena ikangofika, ndipo izipoperedwa sabata iliyonse m'dzinja ndi masabata awiri aliwonse m'chilimwe. Ambiri amadabwa ng'ombe yosatuluka m'khola ikadwala chigodola. Nkhupakupa zimabwera ndi udzu womwetedwa kudambo kumene zamakolo zimadya, kapena zimagwa kuchokera ku ng'ombe zapangolo zomangidwa pafupi. Udzu wodzala nokha m'munda wotchingidwa, monga nsenjere, umatseka khomo limeneli. Ng'ombe iliyonse yogulidwa kumsika ipoperedwe tsiku lofika ndipo ikhale payokha masabata atatu kapena anayi. Za mkaka ndi nyama, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira, chifukwa amasiyana malinga ndi mankhwala.

Mankhwala akaoneka ngati asiya kugwira

Musathamangire kunena kuti nkhupakupa zazolowera. Nthawi zambiri vuto limakhala muyeso wochepa, madzi ochepa, mvula, kapena botolo lotha nthawi ndi lachinyengo. Kuona nkhupakupa za m'makutu patapita masiku 6 sichizindikiro cha kuzolowera, zimenezo ndi zatsopano zochokera kuudzu. Mboni yeniyeni ndi yotuwa ija. Poti imafuna masabata atatu kuti ikhute, mukapopera bwino ng'ombe zingapo ndi muyeso wolondola, inu mwini mukuyang'anira, ndiye n'kupeza zotuwa zokhuta zambiri patapita masiku 10 mpaka 14, ndiye kuti zinapulumuka mankhwalawo. Ndiyonso imayamba kuzolowera, chifukwa moyo wake wonse wakudya umakhala pa ng'ombe yopoperedwa ndipo imaswana mibadwo ingapo pachaka.

Zikatero sinthani gulu la mankhwala, osati dzina la pabotolo lokha. Saipamethirini, delitamethirini ndi fulumethirini ndi banja limodzi, ndipo kuchoka pa wina kupita pa mnzake sikusintha kanthu. Amitirazi ndi banja lina. Werengani timalemba tating'ono tonena za chimene chili m'kati, kapena pitani ndi botolo kwa alangizi a ziweto. Kuwirikiza muyeso, kusakaniza mitundu iwiri m'chidebe, kapena kutenga mankhwala a thonje ndi a mbewu zamasamba kumapsereza khungu, kumaika poizoni mumkaka, ndipo kumafulumizitsa kuzolowera komweko. Ng'ombe ikaledzera ndi amitirazi wochuluka imaodzera, imagona pansi ndipo mimba imatha kutupa. Itsukeni ndi madzi ambiri, muiike pamthunzi, muitane dokotala.

Ndondomeko ina iliyonse idzaphonya tsiku lina, ndiye themometa isasowe pakhola. Ng'ombe yabwino imatentha madigiri 38 mpaka 39 ndi pang'ono. Chigodola chimayamba kuoneka patapita sabata imodzi kapena ziwiri chilumidwire: mwanabele amatupa kunsi kwa khutu, kenako kutsogolo kwa phewa, kutentha kumapitirira 40, ndipo ng'ombe imakhala ikudyabe masiku oyambawo. Imeneyo ndiyo nthawi ya bupavakoni, mililita imodzi pa makilogalamu 20, kubaya mumnofu wa pakhosi, n'kubwereza patapita masiku awiri kapena atatu ngati dokotala waona kuti n'kofunika. Mukadikira mpaka iyambe kubanika ndi kutuluka thovu m'mphuno, madzi adzaza kale m'mapapo ndipo mankhwala okwera mtengowo nthawi zambiri sapulumutsa. Mkodzo wofiira ndi m'maso moyera zimaloza ku matenda okodza magazi, amene mankhwala ake ndi diminazini. Ndowe zouma zolimba, m'maso mwachikasu koma mkodzo wosafiira ndi matenda a ndulu, ndipo iwo pamodzi ndi a madzi kumtima amamva okisitetirasaikilini akaperekedwa msanga. Imodzi ikadwala chigodola, yezani zonse m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, ndipo khola lonse lilowe pa masiku 5, 5 ndi 4 mpaka kudwala kutaleka.